Alendo akamadwala m'mimba madzi akangobwerera pampopi: kufufuza vuto kuyambira pathanki mpaka mu ayisi

Vutoli limabwera mofanana nthawi zonse. Madzi asowa pampopi tsiku limodzi kapena awiri, magetsi nawo athimathima, ndiye pakangopita masiku ochepa alendo awiri kapena atatu ayamba kudandaula kuti akutsekula m'mimba. Mwini loji amathamangira kukhitchini kukakalipira ashefu za nkhuku kapena saladi. Nthawi zina mlandu umakhaladi wa chakudya, koma musanaweruze, afunseni odwalawo zimene anadya ndi zimene anamwa masiku atatu apitawo. Mukapeza kuti wina anadya chambo, wina nyama yambuzi, wina anakadyera m'tauni, koma onse anamwa chakumwa choikamo ayisi pabala kapena madzi a m'jagi ya kuchipinda, pamene antchito amene amangomwa tiyi ali bwinobwino, nkhuku isiyeni. Tsatirani madzi.

Madzi a mumzinda wa Mzuzu, amene ambiri amachokera kudamu la Lunyangwa, a Wotabodi amawasefa ndi kuwathira klorini asanawatumize m'mapaipi. Koma pakati pa mita yanu ndi tambula ya mlendo pali ulendo wautali umene uli m'manja mwanu: thanki, sefa, poto, chidebe, fuliji ndi dzanja la woperekera zakumwa. Madzi amatha kuwonongeka pena paliponse pa malo amenewa, ndipo maso sangakuuzeni malo ake. Njira yopezera malowo ndi kuyeza klorini poyambira, pakati ndi pothera, kuti muone pamene wazimiririka.

Kachipangizo koyezera klorini

Klorini akathiridwa m'madzi, wina amatha polimbana ndi tizilombo ndi zinyalala, wina amatsala. Wotsalayo ndiye mlonda wa madzi anu. Akapezeka patatha mphindi 30 chithirireni, ndiye kuti ntchito yopha mabakiteriya, monga a kolera ndi tayifodi, yatheka, ndipo tizilombo tina tikalowa pambuyo pake tikumana naye. Muyezo umene bungwe la WHO limalangiza ndi wakuti pakatha mphindi 30 zimenezo pakhale 0.5 mg/L, ndipo pofika pamene munthu akutungira madzi akumwa asatsike kupitirira 0.2 mg/L.

Choyezera chake ndi kabokosi ka pulasitiki kooneka mkati, komwe kaja amayezera madzi a m'madamu osambiramo m'mahotela. Mumadzazamo madzi, n'kuponyamo piritsi limodzi lolembedwa DPD 1, n'kukhutchumula. Klorini akakhalamo madzi amasanduka apinki, ndipo mumayerekeza mtunduwo ndi manambala a m'mbali mwa kabokosiko. Werengani nthawi yomweyo, panja powala, kumbuyo kwake mutaika pepala loyera. Piritsilo musaligwire ndi zala, ingolitulutsani m'kapepala kake ligwere m'madzimo. Pali msampha umodzi wofunika kuudziwa: klorini akachuluka kwambiri, madzi amachita pinki kanthawi kochepa kenako n'kuyeranso mbee, moti munthu amaganiza kuti mulibe kanthu n'kuwonjezera wina. Mukaona pinki wobwera n'kuthawa, sakanizani madziwo ndi madzi a m'botolo ogula, muyezenso.

Mmawa umodzi yezani malo atatu: mpopi woyamba wapanja umene umalandira madzi asanalowe m'thanki, mpopi wa kukhitchini wochokera kuthanki, ndi chidebe chimene mumatungamo madzi akumwa ndi a ayisi. Pampopi uliwonse lolani madzi atayike kwa mphindi imodzi kapena ziwiri musanatunge. Manambala atatuwa akuuzani kumene muyenera kupita.

Mpopi wapanja ulibe klorini, kapena ukutulutsa madzi ofiira

Izi zimaoneka kwambiri madzi akangobwerera. Paipi ikakhala yodzaza, mphamvu ya madzi imakankhira kunja, ndipo pamene pali mng'alu madzi amangotayika. Ikauma, mng'alu womwewo umasanduka khomo: madzi a m'nthaka amalowa, makamaka nyengo ya mvula, imene kuno imatalika mpaka mu Epulo ndi Meyi, nthaka itakhuta ndipo zimbudzi zokumba zili pafupi. Madzi akabwerera amakokolola zonsezo pamodzi ndi dzimbiri la m'mapaipi, ndipo oyamba kufika kwa inu ndi amenewo.

Mankhwala ake ndi otchipa. Madzi akangosiya, wina atseke valavu yolowetsa madzi m'thanki. Akabwerera, tsegulani mpopi wapanja, madzi oyambawo mukathirire maluwa kapena mukolopere, mpaka ayere ndipo piritsi lionetse pinki. Mukatero ndiye mutsegule valavu ya thanki. Chovuta n'chakuti madzi amakonda kubwerera usiku anthu ali mtulo, choncho ntchito imeneyi ipatsidwe kwa alonda, ndipo muwaonetse valavu yake ndi dzanja, osangowauza pakamwa.

Musasokoneze matope ndi mpweya. Madzi akatuluka oyera ngati mkaka, tungani m'tambula mudikire. Akayamba kuyera kuchokera pansi kukwera m'mwamba, ndi mpweya chabe umene unatsekeredwa m'paipi. Akayera kuchokera pamwamba n'kusiya nsenga pansi, amenewo ndi matope, ndipo klorini sagwira bwino ntchito m'madzi otero chifukwa tizilombo timabisala m'timatopeto. Madzi ovunduka ayambe adikha ndi kusefedwa, klorini abwere pambuyo. Kuti mudziwe ngati ayera mokwanira, ikani tambula yake pafupi ndi tambula ya madzi a m'botolo, kumbuyo kuli pepala loyera. Mukatha kusiyanitsa ndi maso, sanayere.

Amene amadalira mjigo kapena chitsime chapaloji madzi a Wotabodi akasowa akumbukire kuti madzi amenewo alibe klorini ngakhale pang'ono. Mukawapopera m'thanki yomweyo, amasungunula klorini amene analimo.

Panja pali pinki, koma kukhitchini mulibe

Apa wolakwa ndi thanki, ndipo m'maloji ambiri vuto limagona pamenepa. Klorini sakhalitsa. Amachepa tsiku ndi tsiku, ndipo amatha msanga thanki ikamawombedwa ndi dzuwa kapena pansi pake pakakhala matope. Thanki yaikulu pa loji ya alendo ochepa imasunga madzi omwewo masiku ambiri, moti pofika kukhitchini mlonda uja anachoka kalekale.

Kwerani mukaone. Chivundikiro chilipo, ndipo chimatseka? Paipi yotayira madzi thanki ikasefukira ili ndi kaukonde kukamwa kwake? Pamenepo ndi polowera abuluzi, achule ndi mphemvu, ndipo chivundikiro chosweka chimalowetsa zitosi za mbalame mvula ikamagwa. Unikani ndi tochi pansi. Mukaona matope kapena ndere m'mbali, kuthira klorini n'kungotaya mankhwala. Thanki iyambe yakhuthulidwa, ikwechedwe ndi bulashi, itsukuluzidwe. Chizindikiro china cha thanki yakuda n'chodabwitsa pang'ono: madzi amanunkha klorini kwambiri koma piritsi likuonetsa zochepa. Fungo lamphamvulo limabwera klorini akagwirana ndi zonyansa, ndipo klorini wogwirana choncho mphamvu yake ndi yochepa. Kutsuka thanki kawiri pachaka, kamodzi mvula isanayambe ndi kamodzi itatha, n'kokwanira pamalo ambiri. Wolowa m'thanki asalowe yekha popanda mnzake womudikirira panja.

Thanki ikayera, funso ndi lakuti muthiremo klorini wochuluka bwanji. Pano anthu amalakwitsa pothira mwa diso, kapena potengera muyezo wa loji ya mnzawo. Madzi amasiyana njala yawo ya klorini, ndipo ngakhale a pampopi umodzi amasintha pakati pa Okutobala ndi Febuluwale. Muyezo wanu muupeze nokha ndi ndowa zinayi.

Yambani ndi kusungunula klorini wa ufa uja wotchedwa HTH, amene mphamvu yake imakhala 65 mpaka 70 peresenti. Magalamu 15, omwe ndi pafupifupi supuni yaikulu imodzi yosasefukira, muthire m'lita imodzi ya madzi oyera m'chigubu cha pulasitiki. Ufa ndiwo upite m'madzi, osati madzi pa ufa. Takasani ndi kamtengo kapena supuni ya pulasitiki, mudikire nsenga zoyera zikhale pansi, ndipo mutsanulire madzi apamwambawo m'botolo losalowa kuwala. Amenewa ndi madzi a klorini a 1 peresenti. Lembani tsiku pabotolopo, ndipo muzipanga ena sabata iliyonse chifukwa mphamvu yake imatsika.

Tsopano tiyerekeze loji ya ku Katoto yokhala ndi thanki ya malita 5,000. Tungani madzi a m'thankiyo m'ndowa zinayi za pulasitiki za malita 20. Ndi sirinji yopanda singano, thirani mililita 1 m'ndowa yoyamba, 1.5 m'yachiwiri, 2 m'yachitatu ndi 2.5 m'yachinayi. Takasani, vundikirani, dikirani mphindi 30, kenako yezani iliyonse. Tinene kuti yoyamba sinasinthe mtundu, yachiwiri yaonetsa 0.2, yachitatu 0.5, yachinayi yapitirira pamenepo. Ndowa yoyamba ikukuuzani kuti madziwo anadya klorini yense amene munathira. Yachiwiri ili m'malire, moti pofika mawa idzakhala yopanda kanthu. Yachitatu ndiyo yanu: mamililita 2 pa malita 20 aliwonse. M'thanki yodzaza muli ndowa 250, choncho mukufunika mamililita 500, theka la lita. Thanki ikakhala yatheka, thirani mamililita 250, chifukwa timawerengera madzi amene alimo, osati nambala yolembedwa pathankipo.

Taonani kuchepa kwake. Theka la lita limenelo lili ndi ufa wokwana theka la supuni basi, pa malita 5,000. Ndiye ganizirani zimene zimachitika munthu akatapa ufa ndi kapu n'kuwaza m'thanki. Alendo amadandaula kuti tiyi akununkha mankhwala, bwana amaletsa klorini, ndipo pakatha mwezi vuto la m'mimba labwerera.

Thirani pamene thanki ikudzaza kuti madzi olowa asakanize okha, mudikire mphindi 30, muyeze pampopi wa kukhitchini. Timabokosi tambiri timakhalanso ndi mbali yoyezera pH, muyezo wa asidi m'madzi, pogwiritsa ntchito piritsi lina. Ikapitirira 8, klorini amagwira ntchito mwaulesi, ndiye dikirani ola lathunthu. Ndowa zonse zinayi zikapanda kuonetsa pinki, bwerezani ndi miyezo yokwererapo, komanso kayikirani ufa wanuwo: HTH wokhalitsa kapena wolowa chinyezi amafooka. Musungeni wotseka bwino, pouma, kutali ndi dizilo wa jenereta, mafuta ndi mankhwala otsukira m'chimbudzi. Akakhudzana ndi mafuta amatha kuyaka, ndipo akasakanikirana ndi mankhwala a asidi amatulutsa mpweya wopweteka m'mapapo.

Kwa amene akungofuna kukonza chidebe chimodzi, Wotagadi ndi wosavuta: kachitsekero kamodzi pa malita 20 a madzi oyera, n'kudikira mphindi 30, motsatira zolembedwa pabotolo. Onani tsiku lothera mphamvu. Bulichi wochapira zovala wokhala ndi fungo la maluwa asayandikire madzi akumwa.

Sefa imene mumaidalira

"Ife tili ndi fyuluta, bwana" ndi yankho limene limatseka nkhani m'makhitchini ambiri. Funsani kuti ndi yamtundu wanji, chifukwa si zonse zimene zimagwira tizilombo.

Ija yooneka ngati botolo lalitali pansi pa sinki, yokhala ndi chinthu choyera changati ulusi mkati, imene nthawi zambiri imalembedwa kuti ndi ya mamaikuloni 5, ntchito yake ndi kugwira mchenga ndi dzimbiri. Bakiteriya ndi wamng'ono kuposa timabowo take, amangodutsa. Ndi yothandiza kuyeretsa madzi kuti klorini agwire bwino, basi. Ikafiira kapena madzi akayamba kutuluka mofooka, sinthani.

Ya makala, yakuda mkati, ndiyo imanyenga anthu kwambiri. Imakometsa madzi pochotsa fungo, ndipo fungo limene imachotsalo ndi klorini yemwe uja. Choncho mukayeza pampopi wa pambuyo pake n'kupeza ziro, sefayo sinawonongeke, ikugwira ntchito yake. Koma madzi otuluka pamenepo alibenso chowateteza, ndipo sefa ya makala yokhalitsa imasanduka malo oswaniranamo mabakiteriya. Madzi ake ndi omwa nthawi yomweyo, osati osunga m'chidebe masiku awiri. Isinthidwe panthawi imene opanga analemba ngakhale ikuoneka yabwino.

Ya dongo lowotcha, ya makandulo oyera m'ndowa ziwiri zosanjikiza, imagwira mabakiteriya ambiri ndi tizilombo tokulirapo monga Giardia ndi Cryptosporidium. Izi n'zofunika chifukwa Cryptosporidium samva klorini pa muyezo wa madzi akumwa. Koma mavairasi ena amadutsa, n'chifukwa chake sefa ndi klorini zimayendera limodzi: kusefa koyamba, klorini pambuyo. Kandulo yabwino imadontha pang'onopang'ono. Ikayamba kuchedwa kwambiri, yatsekeka ndi matope. Ikwecheni ndi kabulashi kofewa m'madzi oyera, popanda sopo. Ikayamba kuthamanga mwadzidzidzi, musakondwere. Yang'ambika, kapena kamphira ka pomangira kamasuka, ndipo madzi akungolambalala. Kandulo yong'ambika simatidwa, imatayidwa. Ndowa yapansi ndi kampopi kake zitsukidwe sabata iliyonse ndi manja osamba, chifukwa madzi osefedwa bwino amakadetsedwera m'menemo.

Amene ali ndi nyali ya UV, yopha tizilombo m'madzi ndi kuwala kwake, adziwe kuti magetsi akathima madzi amapitabe koma osakonzedwa. Nyaliyo imafookanso ikadayakabe, choncho imasinthidwa pafupifupi chaka chilichonse.

Kuwiritsa

Pa madzi a ayisi ndi a m'majagi a kuzipinda, ine ndimakhulupirira kuwiritsa kuposa njira zina zonse, chifukwa kumapha zonse: mabakiteriya, mavairasi ndi tija tosamva klorini. Mzuzu ili pamtunda wa mamita oposa 1,200, moti madzi amawira pa madigiri pafupifupi 96, osati 100. Zimenezi zisakudetseni nkhawa, popeza tizilomboti timafa kutentha kusanafike n'komwe pamenepo. Mphindi imodzi madzi akubwata n'njokwanira. Lamulo la mphindi zitatu ndi la malo okwera kupitirira mamita 2,000. Chofunika ndi kugwirizana tanthauzo la kuwira. Poto akamalira, kapena timathovu tikamaoneka pansi, madzi sanawire. Awira pamene akubwata mogudubuzika moti ngakhale mutakasa sasiya.

Koma madzi owiritsa alibe klorini, ndiye zolakwika zonse zimachitika pozizira. Mnyamata wa kukhitchini akuona kuti oda ya ayisi yachedwa, athiramo madzi ozizira a pampopi kuti afulumize. Kapena atsanulira m'ndowa imene dzulo munali ndiwo zamasamba. Kapena aliyense akumiza kapu yake, zala zikukhudza madzi. Lolani madzi azizire m'poto momwemo ali ovundikira, kenako apite m'chidebe chotsuka chokhala ndi chivundikiro ndi kampopi, chimene sichigwira ntchito ina iliyonse. Wiritsani madzulo kuti mmawa akhale atazizira, ndipo m'nyengo yozizira ya Juni ndi Julaye kuno sizitenga nthawi. Otsala pakatha tsiku limodzi apite kotsukira mbale. Mlendo akadandaula kuti madzi owiritsa ndi ozizira m'kamwa, osakoma, akhutchumuleni m'botolo loyera lotseka kuti mpweya ubwereremo.

Kuwiritsa kuli ndi malire ake. Madzi onunkha dizilo, parafini kapena mankhwala a m'munda sakonzeka ndi moto, klorini kapena kandulo. Amenewo asiyeni, mugule a m'botolo mpaka gwero lake lipezeke.

Madzi ali bwino paliponse, koma alendo akudwalabe

Tafika pa ayisi. Anthu ambiri amakhulupirira kuti kuzizira kumapha tizilombo. Sikupha, kumangotisunga, ndipo ayisi akasungunuka m'tambula tambiri timakhala tidakali ndi moyo. Mowa wa m'tambulamo nawo sungadaliridwe kuti utipha. Maonekedwe sathandizanso: kuyera kwa mbuu pakati pa ayisi ndi mpweya chabe, ndipo ayisi woonekera bwino ngati galasi atha kukhala woipa.

Funso loyamba kwa wa pabala likhale lakuti, "Achimwene, madzi a m'mathireyi munatunga pati usiku wathawu?" Kawirikawiri yankho ndi mpopi wapasinki ya pabala, chifukwa chidebe cha madzi owiritsa chili kukhitchini ndipo khitchini inali itatsekedwa. Pamenepo kukalipa sikuthandiza. Ikani chidebe china chaching'ono pabala pomwepo.

Kenako tsegulani fuliji. M'maloji ang'onoang'ono fuliji imodzi yogona ija imasunga zonse: nkhuku, nyama, nsomba zochokera ku Nkhata Bay, ndi mathireyi a ayisi osavundikira pamwamba pake kapena pansi pake. Magetsi akathima maola ambiri, zapamwamba zimayamba kusungunuka, madzi a nyama yaiwisi amadontha, ndipo magetsi akabwera zonse zimaumanso ngati palibe chachitika. Zizindikiro zake zimatsala. Timiyala ta ayisi timagwirana kukhala chibuluma chimodzi. Pansi pa chidebe pamakhala madzi oundana osalala. Nthawi zina pamaoneka kamzere kofiirira, kapena ayisi amamveka fungo la nsomba. Mukaona chimodzi mwa izi pa ayisi amene sanali wotsekera, tayani yense osawerengera. Amene anali m'chidebe chotseka bwino, ndipo anapangidwa ndi madzi abwino, kusungunuka pang'ono sikumuwononga. Choncho ayisi akangouma, achoke m'mathireyi alowe m'chidebe chotseka, ndipo chikhale pamwamba pa china chilichonse. Kumene ndalama zilola, kafuliji kapadera ka ayisi ndi zakumwa kamathetsa nkhani yonseyi. Magetsi akathima musamatsegule fuliji pafupipafupi. Yodzaza bwino ndi yosatsegulidwa imasunga kuzizira tsiku lathunthu kapena kupitirirapo.

Mathireyi, chidebe ndi chotapira zitsukidwe ndi sopo, zitsukuluzidwe, kenako zimizidwe kwa mphindi ziwiri m'madzi a klorini opangidwa ndi mamililita 20 a madzi a 1 peresenti aja pa lita imodzi. Zisiyeni ziume zokha mozondoka. Kansalu kopukutira mbale kamene kakhala paphewa tsiku lonse kamabwezera zonse zimene mwachotsa.

Potapa, pakhale chotapira chokhala ndi chogwirira, ndipo chizikhala m'mbale yakeyake kunja kwa ayisi, chifukwa chikagona mkati chogwiriracho chimasiya za m'manja pa ayisi. Kutapa ndi tambula n'koletsedwa pa zifukwa ziwiri: zala zimalowa, ndipo tambula ikabenthuka simungasiyanitse galasi ndi ayisi. Dzanja limene langolandira ndalama lisambe ndi sopo lisanayandikire. Ndipo ayisi wozizitsira mabotolo ndi wina, woika m'chakumwa ndi wina. Mabotolo amafika ndi fumbi la m'makireti ndi manja a anthu ambiri. Madzi oundana amene akhudza botolo asalowe m'tambula. Zibuluma zogula kwa anthu amene simudziwa madzi awo ndi za m'bokosi lozizitsira basi.

Amene ali ndi makina opangira ayisi aone kumene paipi yake yalumikizidwa. Nthawi zambiri imadutsa pa sefa ya makala, ndiye kuti mkati mwa makinawo mumayenda madzi opanda klorini pamalo onyowa ndi amdima. Zimitsani, pukutani ndi kapepala koyera m'makona, pansi pa chivundikiro ndi m'kathireyi ka madzi. Kakatuluka ndi zoterera zapinki, zakuda kapena zobiriwira, ayisi yense atayidwe, makina atsukidwe motsatira buku lake, ndipo ayisi woyamba kutuluka pambuyo pake atayidwenso. Madzi akasiya pampopi makinawa azimitsidwe, kuti asakoke madzi oyamba aja.

Kutsimikiza

Piritsi la DPD limakuuzani za klorini, osati za tizilombo, ndipo pa madzi owiritsa kapena ayisi silikuuzani kanthu. Pa zimenezi pali timabotolo toyezera totchedwa H2S, tokhala ndi kapepala ka mankhwala mkati. Mumathiramo madzi, kapena ayisi amene mwamutapa ndi chotapira cha masiku onse n'kumusungunula m'chiwiya chowiritsa, mumatseka, n'kusunga pofunda kwa tsiku limodzi kapena awiri. Madzi akada bii, n'kutheka kwambiri kuti mwalowa zochokera m'chimbudzi cha munthu kapena nyama. M'miyezi yozizira ya kuno mtundu umachedwa kusintha, choncho sungani kabotoloko m'khitchini mofunda ndipo mupatse tsiku lachitatu musananene kuti zili bwino. Kuyeza kumeneku ndi kongochenjeza. Nthawi zina kumada chifukwa cha mabakiteriya ena a m'nthaka. Chigamulo chenicheni ndi cha kulabu, kumene muyezo wake ndi wakuti m'mamililita 100 musapezeke bakiteriya wa m'chimbudzi wotchedwa E. coli ngakhale mmodzi. A zaumoyo a kukhonsolo ya mzinda angakuuzeni kokayezetsa. Botolo lotengera madzi likhale lochokera kulabuko, lisungidwe pozizira, ndipo lifike tsiku lomwelo. Tumizani atatu: a pampopi wa kukhitchini, a m'chidebe chakumwa, ndi ayisi.

Kope limodzi lopachika pakhoma la khitchini limathandiza kuposa chikumbumtima cha aliyense. Mmawa uliwonse mulembedwe tsiku, nambala ya pampopi wapanja, nambala ya kukhitchini, amene anawiritsa madzi a ayisi, ndiponso ngati madzi kapena magetsi anasiya. Mlendo akadwala Lachisanu, mumabwerera m'mbuyo n'kuona kuti Lachitatu kukhitchini kunali ziro ndipo magetsi anathima usiku wonse.

Mlendo kapena wantchito akayamba kutsekula m'mimba mwamadzimadzi, chimbudzi chake chooneka ngati madzi otsukira mpunga, musadikire zotsatira za kuyeza kulikonse. Mliri wa kolera umene unayamba mu 2022 n'kupitirira mu 2023 unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo maboma oyandikana nafe monga Nkhata Bay unawakhudza kwambiri. Matendawa amatha kupha munthu wamkulu m'maola ochepa chifukwa cha kutha madzi m'thupi. Mpatseni Thanzi wosungunula m'madzi owiritsa, azimwa ali m'njira yopita kuchipatala, ndipo dziwitsani a zaumoyo. Ayisi yense amene alipo atayidwe, majagi a m'zipinda achotsedwe mulowe madzi a m'botolo otseka, ndipo wantchito wodwalayo asagwire chakudya, madzi kapena ayisi mpaka patapita masiku osachepera awiri chisiyireni kutsekula.